Lamulo Lachisanu la Makina Ochapira

Makina ochapira aja adabwera ku hostelo ya anamwino ngati mphatso, koma isadathe miyezi itatu anthu adali atasiya kupatsana moni chifukwa cha iwo. Adawasiya ndi dokotala wina wakunja amene adagwirako ntchito zaka ziwiri pa kachipatala ka mishoni ka kufupi ndi Lobi. Adali makina a migolo iwiri. Mgolo waukulu udali wochapira, wothiramo madzi ndi ndowa, ndipo waung'ono udali wofinyira, uja umazungulira mwaliwiro mpaka zovala kutuluka zitangotsala pang'ono kuuma. Pamwamba padali mabatani atatu opotokola. Tsiku limene makinawa adafika, akazi asanu ndi mmodzi a mu hostelomo adalulutira ngati kwabwera mkwati. Koma paja amati walira mvula walira matope.

Lolemba lina la mu Julayi, bambo Linus, oyang'anira chipatala, adaitanitsa Elena ku ofesi kwawo. Elena adali namwino wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, munthu woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo.

"Mlungu wathawu ndalandira madandaulo anayi," adatero bambo Linus osadzutsa mutu pa mapepala awo. "Onsewo ndi a makina. Ine adandilemba ntchito yoyendetsa chipatala, osati yoweruza milandu ya masiketi. Pofika Lachisanu mundibweretsere malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka makinawo, mutasainira nonse asanu ndi mmodzi. Akasowapo mmodzi yekha, makinawo ndikawapereka ku nyumba ya alendo ya parishi. Akhala akuwapempha."

"Nanga bwanji mwasankha ine, bambo?"

"Chifukwa m'madandaulo onsewa dzina lanu lokha ndi limene mulibe."

Imeneyo ndiyo mphotho ya kufatsa: amakusenzetsa mtolo umene olongolola aukana. Elena adatuluka akuyang'ana manja ake. Namwino amasamba m'manja kambirimbiri pa tsiku, kenako n'kupaka sipiriti, ndipo khungu la Elena silinkagwirizana ndi chisanu cha ku Dedza. Chaka chatha, makina asadabwere, ankachapa pa mwala kuseri kwa hostelo, m'madzi ozizira ngati achokera m'firiji. Zala zidang'ambika ming'alu yotuluka magazi, mpaka adamuchotsa ku chipinda chotsukira mabala kwa milungu iwiri. Chaka chino ming'aluyo idayambanso, koma pang'ono pokha, chifukwa manja ankalowa m'madzi pongosamutsa zovala. Makinawo akapita ku parishi, iye ankadziwa chimene chikumudikira. Adachita mantha, ndipo sadabise kwa mtima wake kuti ndi mantha.

Masana omwewo, pa nthawi yopuma, adalemba uthenga pa gulu la Watsapu la mu hostelo. Adaulemba kanayi asadautumize, chifukwa koyamba udamveka ngati chenjezo la apolisi ndipo kachiwiri ngati chilengezo cha maliro.

"Amayi ndi azichemwali nonse, moni. A Linus akuti tikapanda kugwirizana pofika Lachisanu makina achoka. Ndaganiza kuti poti tilipo sikisi, aliyense akhale ndi tsiku lake. Lolemba mayi Martina, Lachiwiri Sandra, Lachitatu Cathy, Lachinayi ine, Lachisanu Ufulu, Loweruka Pilira. Lamulungu makina apume. Zikomo, ndine wanu Elena."

Iye adaona kuti wagawa nyama mofanana. Sipadathe mphindi zisanu foni idayamba kunjenjemera m'thumba la yunifolomu ngati mwalowa njuchi.

Woyamba adali Pilira wa ku famase, amene adafunsa mwaulemu ndithu ngati Elena waiwala kuti iye ndi wa Sabata, kapena ngati wachitira dala. Elena adaiwaladi. Kenako Sandra wa ku labu, wokulira ku Lilongwe, amene pakamwa pake sipankadziwa buleki, adafunsa kuti magetsi akazima Lachiwiri ndiye kuti iye avale chiyani mlungu wonse, masamba a nthochi? Cathy adati ndandanda ya ntchito imasintha mlungu uliwonse, tsono Lachitatu la mlungu uno si Lachitatu la mlungu wamawa. Ufulu adati iye sakuona vuto, bola asinthane ndi Cathy. Cathy adati iye wasinthana kale ndi Pilira. Pilira adati sakudziwa za kusinthana kulikonse. Mayi Martina okha, mzamba wamkulu wa pachipatalapo, sadayankhe kanthu.

Lachiwiri Elena adayesa njira ina. Adatenga pepala lalikulu, n'kujambula mabokosi a masiku ndi maola, kuti aliyense azilemba dzina lake pamene wapeza mpata. Adalimata pa chitseko cha chipinda chochapira, n'kulijambula, n'kutumiza pa gulu. Pofika madzulo pepalalo lidali ngati munda wolowa nkhuku. Mayina adafufutidwa, ena adalembedwa pamwamba pa anzawo, mivi idachoka bokosi ili kuloza bokosi ilo n'kubwereranso. Wina adalemba m'mphepete kuti, "Magetsi akazima pa ola lako, ola lako lafa kapena likukankha la mnzako?" Pansi pake wina adayankha kuti, "Lafa." Pansi pakenso wina adalemba kuti, "Silinafe." Elena adaima pamenepo nthawi yaitali akufunafuna dzina lake, ndipo adalipeza m'mabokosi awiri amene iye sadalembemo.

Chimene chidamusokoneza kwambiri ndi masamu ake omwe. Kuchapa kumatenga mphindi khumi ndi zisanu. Ukawonjezera kuthira madzi, kufinya, kutaya madzi a sopo, kutsukuluza ndi kufinyanso, munthu mmodzi amatha mu ola limodzi. Ndi zoona kuti madzi a pampopi ankabwera m'mawa wokha, kuyambira faifi mpaka cha m'ma teni. Komabe amenewo ndi maola asanu pa tsiku. Anthu asanu ndi mmodzi akadatha kuchapa kawiri pa mlungu, makina n'kutsala akuwodzera. Nanga nkhondo yonseyi inkachokera kuti? Adawerengetsa pa zala, adawerengetsa pa foni, yankho lidali lomwelo, ndipo mutu udayamba kumuwawa.

Lachitatu adali pa ofu. Adakumbuka kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, tsono adadzifunditsa bulangete, n'kutenga mpando ndi kapu ya tiyi, n'kukhala pakhonde moyang'anizana ndi chipinda chochapira. Nkhungu idali itakuta mapiri onse, moti ngakhale mitengo ya paini ya kuseri kwa tchalitchi sinkaoneka.

Itangokwana sikisi, mayi Martina adatulukira ndi beseni lawo lobiriwira. Adali mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, wojintcha, woyenda mosathamanga ngati munthu amene palibe angamuyambire ntchito iye asadafike. Theka la ana a m'midzi yozungulira lidabadwira m'manja mwawo. Kwawo kudali ku Chimbiya, ndipo mu hostelo ankakhalamo kuti azipezeka msanga wina akayamba matenda. Ndi iwowo amene adamuphunzitsa Elena kugwira khanda loterera osanjenjemera.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka, mwanawe. Ukutani pachisanu pano ngati mlonda?"

"Ndikungowothera tiyi, amayi."

Amayiwo adalowa m'chipindamo. Elena adamva ndowa zinayi zikukhuthulidwa, kenako makina adayamba kung'ung'uza. Mayi Martina adatuluka n'kulunjika ku wodi ya amayi oyembekezera. Patapita mphindi khumi ndi zisanu makina adasiya okha, ndipo kudangoti zii.

Seveni koloko kudabwera Cathy ndi mtolo wake. Adatsegula chivindikiro, adasuzumira, adatseka mwakachetechete, n'kubwerera. Eyiti koloko kudabwera Ufulu, n'kuchita chimodzimodzi. Pakhonde adakumana ndi Cathy, ndipo awiriwo adayamba kukangana za amene adachapa kawiri Lachisanu lapita, ngati kuti nkhani ndi imeneyo. Teni koloko mpopi udatsokomola kawiri n'kuuma. Zovala za mayi Martina zidali zikadali m'madzi.

Adabwerera cha m'ma thwelofu, nthawi imene aliyense amakhala ku ntchito kapena ku chakudya. Ataona Elena akadali pakhonde adachita ngati adodoma, koma adalowa n'kutseka chitseko ndi loko. M'katimo mudamveka madzi akukhavukira pansi pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Kenako adatuluka ndi beseni la zovala zodontha madzi, n'kukayanika. Elena atalowa adapeza pansi ponse pali nyowe, ndi jagi ya pulasitiki ili pambali. Sadamvetse. Adangoganiza kuti anthu akale ali ndi kachapidwe kawo.

Madzulo adamukokera Sandra pambali.

"Iwe, kodi amayi amachapa kangati pa mlungu?"

"Katatu, nthawi zina kanayi. Ukudziwa mmene yunifolomu ya mzamba imadera. Bwanji, wangodziwa lero?"

"Ndiye kuti enafe timalimbirana masiku awiri kapena atatu okha?"

"Takulandira ku Malawi," adatero Sandra akuseka.

"Nanga bwanji osangowatulutsira zovalazo n'kuika m'beseni? Iwe suopa munthu."

Sandra adasiya kuseka. "Ine ndigwire zovala za munthu wamkulu? Muli ndi zamkati zomwe mmene muja. Mawa adzadwale msana, anthu azidzati ndi Sandra uja adagwira zovala zawo. Ndidakulira m'tauni, koma sindidakulire kutchire."

Pamenepo Elena adaona kuti anthu asanu akhala akutukwanana miyezi itatu chifukwa choti palibe mmodzi amene akadatha kutchula dzina la munthu wachisanu ndi chimodzi. Adakhala pabedi lake dzuwa likulowa, n'kulemba uthenga wachitatu, zala zikuwawa pa galasi la foni.

"Amayi ndi azichemwali, pepani ndabweranso. Pepala lija ndalichotsa, mawa ndimata lina. Malamulo ndi awa, tikagwirizana tisainire. Loyamba, munthu aliyense ola limodzi, kawiri pa mlungu, ndipo tizilemba mayina Lamulungu ndandanda ya ntchito ikatuluka. Lachiwiri, magetsi kapena madzi akathawa pa ola lako, ndiwe woyamba tsiku lotsatira. Lachitatu, osadzaza mgolo kupitirira mzere, osaikamo mabulangete kapena nsapato. Lachinayi, ukatha uchotse ulusi mu kasefa, upukute pansi, uzule waya ku khoma. Lachisanu, ukapeza zovala za mnzako m'makina ola lake litatha, uzitulutse bwinobwino, uike m'beseni lake, uvindikire ndi chitenje. Lamuloli ndi la tonse, ngakhale ine. Zikomo."

Nthawi ino kudalibe phokoso. Sandra adatumiza chala chachikulu, Pilira chala chachikulu, Cathy ndi Ufulu chimodzimodzi. Foni idaonetsa kuti mayi Martina awerenga, koma sadalembe kanthu. Elena sadadziwe ngati kukhala chete kumeneko ndi kuvomera, kukana, kapena ngati amayiwo adangotsegula uthengawo ali otanganidwa. Adafunsa Pilira, amene adati munthu wamkulu akakhala chete ndiye kuti walola. Adafunsa Cathy, amene adati munthu wamkulu akakhala chete uzithawa.

Lachinayi lidali loyeserera malamulowo, ndipo ola la seveni lidali la Elena. Adafika ndi mayunifolomu ake awiri, n'kutsegula chivindikiro. Mudali modzaza. Madzi a sopo adali atazizira kale, ndipo beseni lobiriwira lidali pansi pamenepo.

Sadadziwe kuti nkhani idayenda bwanji, koma potembenuka adapeza Sandra ndi Pilira ataima pakhomo, Cathy akusuzumira pamwamba pa mapewa awo. Onse ankadikira kuti aone ngati wolemba malamulo adya nsima imene waphika yekha.

Elena adamva mawu a mayi ake omubereka m'mutu mwake, aja ankati mwana wolongosoka sagwira chovala cha wamkulu asadatumidwe. Adamvanso mawu a bambo Linus. Adayang'ana zala zake, zimene ming'alu iwiri idali itatseguka chifukwa cha sipiriti wa mlungu wonse, ndipo adadziwa kuti madzi a sopo ozizirawo amuluma ngati tsabola. Tsono adapisa m'thumba, n'kutulutsa magolovesi a ku wodi, n'kuvala. Sadaganize kawiri. Namwino akafuna kugwira chonyowa amavala magolovesi, basi.

Adatulutsa yunifolomu yoyamba, yachiwiri, epuloni, chitenje. Adali atanyamula pitikoti m'mwamba, madzi akuchucha, pamene anthu a pakhomo aja adapatuka mwadzidzidzi. Mayi Martina adali ataima pamenepo. Adabwerera kudzatenga magalasi awo amene adaiwala pawindo.

Sadayang'ane pitikoti. Adayang'ana magolovesi.

"Elena."

"Amayi."

"Ndili ndi nthenda yanji ine?"

"Amayi, si choncho, ndi lamulo lija ndidalemba, lachisanu lija..."

"Sindikufunsa za lamulo. Kugwira wagwira, chabwino, ana a masiku ano mulibe mwambo. Koma mpaka magolovesi? Zovala zanga zasanduka nsalu za ku wodi ya TB? Ine amene ndimakupungulira tiyi m'kapu yanga?"

Elena adayang'ana manja ake. Adafuna kuvula magolovesi, koma manja adali ndi pitikoti. Adafuna kuika pitikoti m'beseni, koma adaona ngati akuitaya. Adafuna kuibwezera m'makina, koma kumeneko kudali kuphwanya lamulo lake pamaso pa mboni zitatu. Adangoima choncho, madzi akutsikira m'zigongono.

"Choka," adatero mayi Martina. Adalanda pitikotiyo, adavuula zotsala zonse, n'kuzifinya ndi manja mwaukali. Kenako adati, "Ndikusiyire makina ako oyera, ungatenge matenda." Adatola jagi ija n'kuyamba kutunga madzi akuda mu mgolo, n'kumathira cha ku ngalande ya pakona, jagi imodzi, jagi yachiwiri, jagi yachitatu.

Elena adaona mayi wamkulu atawerama chotero, ndipo chifundo chidathamanga kuposa nzeru. "Amayi, musavutike," adatero. Adagoneka pansi paipi yotulutsira madzi, n'kupotokola batani lapakati. Madzi onse adakhuthuka okha kudzera m'paipi, n'kulowa m'ngalande, ndipo mgolo udatsala gwa.

Mayi Martina adaima jagi ili m'manja. Adayang'ana paipi, adayang'ana batani, adayang'ananso paipi. Nkhope yawo idali ya munthu amene wayenda ulendo wautali wapansi kenako n'kuuzidwa kuti padali minibasi.

Pamenepo zonse zidamugwera Elena nthawi imodzi: chitseko chokiyidwa masana, pansi ponyowa, zovala zodontha pa chingwe. Tsiku limene dokotala uja ankawaonetsa kagwiritsidwe ntchito ka makina, mayi Martina adali ku wodi akubereketsa mapasa. Batani loyamba adaliona kwa anzawo. Enawo sadawadziwe, ndipo munthu amene amaphunzitsa aliyense pachipatala akadafunsa kwa yani? Ankasiya zovala m'madzi podikira kuti pasakhale wowaona akutunga ndi jagi.

"Kodi amayi, ndiye kuti simuma..." adayamba Sandra.

"Batanili limalimba," Elena adamudula mokweza kwambiri. "Inenso limandivuta. Limafuna mphamvu."

Lidali bodza loonekera ngati dzuwa, pakuti adali atangolipotokola ndi zala ziwiri. Mayi Martina adaika jagi pansi, adasenza beseni lawo, ndipo pakhomo adatembenuka. "Pepala lanu losainalo musabwere nalo kwa ine. Ndidayamba kuchapa pa mwala inu musadabadwe."

Tsiku limenelo Elena adagwira ntchito ngati wogona. Adayeza mayi wina kuthamanga kwa magazi kawiri, n'kulemba pa khadi la munthu wina, mpaka wodwalayo ndi amene adamukumbutsa. Ankalephera kudziwa kuti walakwa pati kwenikweni. Lamulo lidali lachilungamo, onse adavomereza. Magolovesi adali a manja ake. Batani adapotokola pofuna kuthandiza. Chilichonse pachokha chidali chabwino, koma pamodzi zidamuchititsa manyazi mayi amene iye ankamukonda, ndipo makina adali paulendo wa ku parishi. Pa pepala padali masaini asanu. Sandra adati angosainira okha dzina lachisanu ndi chimodzilo, a Linus sangadziwe. Pilira adati limenelo ndi tchimo. Cathy adati apemphe abambo mfumu akalankhule nawo. Ufulu adati mwina afufute lamulo lachisanu, koma Sandra adati akalifufuta iye afufutanso saini yake. Elena adawasiya akukangana.

Cha m'ma folo adawapeza mayi Martina kuseri kwa hostelo, atakhala pa benchi pafupi ndi chingwe choyanikira. Zovala zawo zidali zikadali zonyowa, chifukwa dzuwa la Julayi ku Lobi limangobwera kudzapereka moni. Elena adanjuta, n'kukhala pansi pa udzu, pepala atalibisa m'thumba.

"Amayi, ndabwera kudzapepesa. Ndidakulakwirani."

"Wamva kuti ndadandaula?"

"Ayi, amayi."

"Nanga ukupepesa chiyani?"

Elena adaweramitsa mutu. Adangotambasula manja ake pa maondo. Mayi Martina adawaona. Maso a mzamba salephera kuona chotupa ngakhale mwini wake atakwiya. Adagwira dzanja lamanja, n'kulitembenuza, n'kuyang'ana ming'alu ija, imene tsopano idali itatu.

"Zayambanso zija za chaka chatha?"

"Eya, amayi."

"Magolovesi aja n'chifukwa cha zimenezi?"

"Eya, amayi."

"Nanga pakamwa udasiya kuti? Ukungoti lamulo, lamulo, ngati loya." Adalisiya dzanjalo, koma mofatsa. Adayang'ana kumapiri, kenako adalankhula ngati akuuza chingwe choyanikira. "Chimgolo chaching'onocho ndidachiyesapo kamodzi. Chidagunda ngati galimoto yagwera m'dzenje, makina onse n'kuyamba kuyenda okha. Ndidazula waya. Ndidati ndaononga katundu wa anthu."

Elena adadziwa kuti zimenezo zimachitika zovala zikaunjikana mbali imodzi, kuti umayenera kuziyala mozungulira, kuzikanikiza, n'kuikapo kachivindikiro kam'kati. Mawuwo adafika pa lilime, koma adawameza. Adali ataphunzitsa kale munthu wamkulu kamodzi tsiku limenelo, ndipo zotsatira zake adaziona.

"Amayi, ndili ndi pempho," adatero pang'onopang'ono, akuganiza pomwe akulankhula. "Makinawa ngakhale akhale, ine kusamutsa zovala kuchoka m'madzi kumandipweteka. Ndimafuna munthu wondivuulira. Ndimati mwina ine ndi inu tizichapa limodzi, maola athu tiwaphatikize. Madzi ndi ovuta, a sopo omwewo akhoza kuchapa zanu zoyera kenako zanga. Inu muzigwira za m'madzi, ine ndizigwira zouma."

"Zouma zake ziti?"

"Mabataniwa, amayi. Ndi waya."

Mayi Martina adamuyang'ana nthawi yaitali, moti Elena adayamba kuganiza kuti wawonjezera mlandu wachinayi. Pakona pa mlomo wawo padagwedezeka pang'ono.

"Ndikaitanidwa ku wodi zovala zili m'kati?"

"Ndizimaliza ine, ngati mwandituma."

"Ndikakutuma ndiye kuti ndakutuma. Imeneyo ndi nkhani ina." Adatambasula dzanja. "Bweretsa chipepala chakocho, ndikuchiona chikutuzuka m'thumbamo."

Elena adachitulutsa pamodzi ndi cholembera. Mayi Martina adavala magalasi, n'kuwerenga malamulo onse asanu kuyambira pamwamba, milomo ikuyenda, ngati akuwerenga khadi la wodwala. Pa lachisanu adaima, adapumira m'mwamba, koma sadafufute. Adasaina pansi pa dzina la Pilira ndi zilembo zikuluzikulu za kusukulu ya masisitere.

"Mawa faifi koloko, enawo asadadzuke," adatero akubweza pepala. "Ndipo mabatani akowo uzipotokola pang'onopang'ono. Ndikufuna ndizikuona ngati ukuchita bwino."

"Chabwino, amayi."

"Tsopano dzuka pa udzupo, kwazizira. Upite kuchipinda kwanga, pawindo pali botolo la gilisalini. Upake manjawo usadakapereke pepalali, a Linus angaganize kuti takumenya kuti ulembe."